Malo amodzi, okalamba atatu: lipoti la kasankhidwe ka wolandira ndalama za okalamba m'mudzi wina ku Angoniya

Lipoti ili likunena za mmene malo amodzi olandirira ndalama za okalamba anaperekedwera m'mudzi wina wa kudera la Domwe, m'boma la Angoniya, m'chaka cha 2023. Ndimagwira ntchito ya chisamaliro cha anthu pansi pa bungwe lina la mpingo, ndipo mbali yanga ndi kuthandiza okalamba kupeza zikalata, kuperekeza antchito a boma akamayendera makomo, ndi kutsatira madandaulo. Dzina la mudzi ndi mayina a anthu ndawasiya dala, chifukwa onse ali moyo ndipo amatunga madzi pachitsime chimodzi. Chimene ndikufuna kuonetsa ndi chakuti m'mudzi momwe pafupifupi nkhalamba iliyonse ndi yosauka, umphawi pawokha susankha munthu. Zimene zimasankha ndi chaka chobadwa cholembedwa pachikalata, mmene woyendera wawerengera anthu a pakhomo, ndi malo amene dzina lili pa lisita ya odikira.

Ndalama zimene tikunenazi ndi za pulogalamu ya PSSB, imene imayendetsedwa ndi bungwe la boma la INAS. Si penshoni ya INSS imene munthu amaidulitsa pamalipiro ake ali pantchito: izi zimachokera m'thumba la boma, ndipo wolandira sanasonkhepo kalikonse. Pulogalamuyi inayamba mu 1990, nkhondo isanathe, ngati thandizo logulira chakudya kwa osauka a m'mizinda, ndipo inafalikira kumidzi pang'onopang'ono INAS itakhazikitsidwa mu 1997. Dzina la PSSB linabwera mu 2011. Mu 2008 munthu wokhala yekha ankalandira mametikali 100 pamwezi. Kuyambira mu 2018 mlingo wake unakhala mametikali 540 kwa munthu mmodzi, 640 pakhomo la anthu awiri, 740 la atatu, 840 la anayi, ndi 1,000 pakhomo la anthu asanu kapena kuposerapo. Olumala ndi odwala matenda okhalitsa amalowanso m'pulogalamuyi, koma ochuluka kwambiri mwa olandira ndi okalamba.

Kuti wokalamba alembedwe ayenera kukhala ndi zaka 60 kapena kuposa, akhale wokhazikika m'deralo, akhale wosauka ndi wopanda mphamvu zodzipezera chakudya, ndiponso asakhale kuti akulandira kale penshoni ina, monga ya omenyera ufulu kapena ya amene anapuma pantchito ya boma. Njira yake imayambira m'mudzi momwemo. Pali munthu wotchedwa peremanente, wosankhidwa ndi anthu a m'deralo ndipo amalandira kangachepe, amene amalemba mayina a amene akuoneka kuti akuyenera. Mayinawo amaonedwa ndi atsogoleri a mudzi, kenako tekiniko, wantchito wa INAS, amabwera kudzayendera khomo lililonse ndi fisha yake, kufunsa zaka, anthu a pakhomo, nyumba, munda ndi ziweto. Fishayo imapita ku ofesi, kumene imalowetsedwa m'kaundula wa pakompyuta wotchedwa e-INAS, ndipo ikavomerezedwa munthu amapatsidwa khadi lolandirira.

Chimene anthu ambiri m'mudzi samachimvetsa, ndipo sindiwaimba mlandu, ndi chakuti kuyenera ndi kulandira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chiwerengero cha olandira chimatsatira bajeti ya chaka, ndipo dera lililonse limapatsidwa malire ake. Cha m'ma 2019 makomo olandira m'dziko lonse anali oposa 400,000, pamene kalembera wa 2017 anapeza anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo oposa miliyoni imodzi. Chaka chimene malire sanawonjezeredwe, malo atsopano amapezeka pokhapokha wolandira wina akamwalira kapena akasamuka. Ndi mmene zinalili m'mudzi uno: agogo ena amene ankalandira anamwalira m'nyengo ya mvula, imfa yawo inanenedwa, ndipo panatseguka malo amodzi. Pa lisita ya peremanente panali mayina angapo, koma atatu ndi amene anakambidwa kwambiri, ndipo ndi amene tekiniko anati ayendere poyamba.

Dzina loyamba pa lisita linali la abambo a zaka zoposa 70, amene ali ndi bilyete yawo yabwinobwino, ndipo ndi msuweni wa anyakwawa. Lachiwiri linali la amayi amasiye okhala okha kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi dambo. Dzina lachitatu silinali pa lisita konse poyamba. Linali la agogo a zaka 66 olera zidzukulu zinayi, ndipo linawonjezeredwa ndi cholembera cha mtundu wina pambuyo poti amayi a bungwe la mpingo adandaula.

Ndiyambe ndi abambowo, chifukwa nkhani yawo inali yosavuta kuiona ngakhale inali yovuta kuinena. Titafika tinapeza nyumba ya njerwa zosaotcha yofolera udzu, yosasiyana ndi za anzawo, ndipo munthu wongoyang'ana nyumba akanati ndi osauka ngati wina aliyense. Koma kuseri kunali khola la ng'ombe ziwiri zapagoli, ngolo itatsamira pamtengo, ndipo nkhokwe inali ndi chimanga chofika pakati m'mwezi umene ambiri anali atayamba kale kugula. Abambowo ananena kuti ng'ombe imodzi ndi ya mphwawo wokhala ku Tete, iwo akungomusungira, ndipo anansi anavomereza kuti zimenezo ndi zoona. Komabe ngoloyo imachita maganyu otuta mbatata ya kachewere kuchokera kumadimba kupita kumsika, woiyendetsa ndi mdzukulu wawo wamkulu amene amadya pakhomo pomwepo, ndipo ndalama zake zimalowa m'manja mwa agogo akewo. Tekiniko analemba kuti pakhomopo pali munthu wa mphamvu ndiponso pali chinthu chobweretsa ndalama.

Sindikufuna kuti abambowa amveke ngati munthu wakuba. Ndi okalamba ndithu, mawondo awo ndi otupa, ndipo ng'ombe imodzi ikangofa moyo wawo ungafanane ndi wa ena onse m'chaka chimodzi. Dzina lawo linakhala pamwamba osati chifukwa cha chiphuphu chimene wina angachiloze ndi chala, koma chifukwa ndi amene amakhala pabwalo pamene nkhani zotere zikukambidwa, anamva msanga kuti malo atseguka, ndipo peremanente, amene ndi mnyamata wobadwira momwemo, sakanatha kuwauza akulu otere kuti adikire. Anatiyankha mwaulemu koma mopwetekedwa mtima kuti, "Ana anga, kodi ndikhale nditagulitsa ng'ombe ndi kumwera mowa kuti boma lindione?" Funsoli liribe yankho labwino mkati mwa malamulo a pulogalamuyi, ndipo tekiniko anangofotokoza kuti malo ndi amodzi ndipo pali ena amene alibe ngakhale nkhuku.

Amayi amasiye a kudambo anali osauka kuposa onse atatu, ndipo pa ichi panalibe wotsutsa. Nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi, denga lake linali litabooka mbali ya kumadzulo kotero kuti mphasa anaikokera kukona ina, ndipo ufa umene unali m'lichero unali wopatsidwa ndi mnansi. Munda ali nawo, koma amalima kachigawo kapafupi ndi nyumba basi, popeza msana sulola kuti agwire khasu nthawi yaitali. Ana awo amoyo ndi awiri: wamkazi anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Dedza, ndipo wamwamuna, amene ndi woyamba kubadwa, amakhala m'mudzi wina ndipo nayenso ndi wodwaladwala. Pa mfundo ya umphawi ndi ya kusowa wowathandiza, fisha yawo inadzaza yokha.

Chinawagwetsa ndi chikalata. Sedula yawo ya kubadwa inapsera m'nyumba pa nthawi ya nkhondo, pamene mudzi wonse unathawira ku Malawi, ndipo atabwerako pambuyo pa mtendere wa 1992 sanalembetsenso. Chikalata chokhacho chimene anali nacho ndi khadi lovotera, ndipo pakhadipo panalembedwa kuti anabadwa mu 1966. Mu 2023 zimenezi zinkatanthauza zaka 57, kutsala zitatu kuti afike 60. Amene ankalemba makhadiwo anawafunsa chaka chobadwa, iwo anati sadziwa, ndipo wolembayo anawayang'ana nkhope ndi kulemba chimene chinamubwerera m'mutu. Zotere si zachilendo kuno. Amayi ambiri a msinkhu umenewu sanapite kusukulu, anabadwira kunyumba, ndipo zaka zawo zinalembedwa mongoyerekeza, ena kuwonjezeredwa, ena kuchotseredwa. Tekiniko sangalembe 70 pafisha pamene chikalata chikunena 57, ngakhale maso ake akuona imvi ndi makwinya, chifukwa chaka chimene chimalowa m'kaundula ndi cha pachikalata.

Kuti tidziwe ngati chaka cha pakhadi ndi cholakwika, sitiyang'ana nkhope, popeza njala ndi matenda zimakalambitsa munthu msanga ndipo wina wodya bwino amaoneka wamng'ono. Timafunsa zochitika zimene munthu sangazisokoneze, ndipo timazifananitsa ndi zikalata za ana ake. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, pamene Apwitikizi ankachoka, inu munali wotani?" Anayankha kuti anali atakwatiwa kale, mwana woyamba akuyenda, wachiwiri ali kumsana. Ufulu unabwera mu 1975. Munthu wobadwa mu 1966 akanakhala ndi zaka 9 chaka chimenecho. Tinatumiza uthenga kwa mwana wawo wamwamuna kuti atibweretsere bilyete yake, ndipo inasonyeza kuti iye anabadwa mu 1972, kutanthauza kuti malinga ndi khadi lovotera mayi ake anamubereka ali ndi zaka 6. Umboni wachitatu unachokera ku mishoni kumene anabatizidwa ali mtsikana: buku la ubatizo, ngakhale silinatchule tsiku lobadwa, linalemba chaka chimene chinaonetsa kuti anabadwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Umboni wonsewu unakhutiritsa aliyense amene anali pakhonde paja, koma sukanalowa m'fisha mwa iwo wokha. Chofunika chinali chakuti amayiwo akalembetse kubadwa kwawo ku ofesi yolembetsa anthu ku Ulongwe, ali ndi mboni ziwiri zokhala ndi zikalata, kuti apatsidwe chikalata chatsopano chokhala ndi chaka cholondola. Ndalama zolipira pa kulembetsa mochedwa zikhoza kukhululukidwa munthu akakhala ndi kalata yotsimikiza umphawi wake yochokera kwa akuluakulu a dera, koma kalatayo nayonso imafuna ulendo wake, ndipo palibe kalata imene imalipira galimoto. Titawerengera mtengo wa ulendo wa anthu atatu kupita ndi kubwerera, tinapeza kuti ukuposa mametikali 540 amene amayiwo akanalandira pamwezi. Apa ndi pamene kasankhidwe kamadzitsutsa kokha: munthu wosauka kwambiri ndi amene alibe zikalata, ndipo ndi yemweyo amene sangakwanitse kuzitsatira. Bungwe lathu linalipira ulendowo, koma zikalata sizituluka tsiku limodzi, ndipo malo amene anatseguka sakanadikira.

Nkhani ya agogo olera zidzukulu ndi imene inatenga nthawi yaitali, ndipo ndi imene ndikuona kuti ogwira ntchitoyi ayenera kuiganizira kwambiri. Zaka zawo sizinavute, chifukwa bilyete ali nayo. Peremanente sanawalembe poyamba chifukwa, malinga ndi mawu ake, "agogo aja ali ndi mwana, ndipo nyumba yake ndi ya malata." Zinali zoona kuti pafupi ndi kanyumba ka agogowo pali nyumba ya malata, ndipo ndi ya mwana wawo wamwamuna. Munthu wodutsa panjira amaona mpanda umodzi wa kupsa wozungulira nyumba zonse ziwiri ndi kuganiza kuti ndi banja limodzi. Kwa zaka zambiri pulogalamuyi inkayang'ana kwambiri ngati pakhomo pali munthu wa msinkhu wogwira ntchito, ndipo chizolowezi chimenecho chinakhazikika m'mitu ya operemanente ambiri, moti akangoona mwana wamkulu pafupi amadumpha khomolo osafunsa zambiri.

Koma khomo, pa nkhani iyi, si mpanda. Ndi anthu amene amagona pamodzi ndi kudya za mumphika umodzi. Choncho funso loyenera si lakuti munthu ali ndi mwana kapena ayi, koma lakuti chakudya chimene amadya chimachokera kuti. Tinayang'ana zinthu zooneka ndi maso. Mafuwa anali awiri, ena kuseri kwa nyumba ya malata ndipo ena pakhomo la agogo, onse ali ndi phulusa la tsiku lomwelo. Nkhokwe zinalinso ziwiri, ndipo ya agogo inali itatsala pang'ono kuuma. Tinafunsa mdzukulu wamkulu, mtsikana wa zaka 13, kuti dzulo anadya chiyani ndipo anaphika ndani, ndipo anati anaphika yekha nsima ya mgaiwa ndi chisoso, ufa wake ndi wa ganyu imene iye ndi agogo ake anapalira m'munda wa munthu wina. Mwini nyumba ya malata anapita ku Joni zaka zingapo zapitazo, malatawo anagula ndi ndalama za ulendo woyamba, ndipo tsopano satumiza kanthu kodalirika. M'nyumbamo mumakhala mkazi wake ndi ana ake atatu, amene nawonso akuvutika, ndipo mtengwayo anatiuza poyera kuti amawapatsa apongozi ake mchere ndi moto basi.

Zidzukulu zinayizo ndi ana a mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Bambo wa anawo anabwerera kwawo maliro atatha, monga zimachitikira kawirikawiri m'mabanja a chikamwini, ndipo anawo anatsala kwa agogo awo akuchikazi. Wamkulu ndi wa zaka 13 uja, wamng'ono ali ndi zaka 4. Pakhomopo, tikawerenga bwino, panali anthu asanu ndipo panalibe wamkulu wa mphamvu ngakhale mmodzi. Denga la malata limene linawachotsa pa lisita silinali lawo, ndipo ngakhale likanakhala lawo, malata amaonetsa ndalama zimene zinalipo kale, osati zimene zilipo lero. Ndi chifukwa chake ndimakayikira kwambiri kuyeza umphawi ndi maonekedwe a nyumba m'dera ngati lino, kumene amuna ambiri amapita kunja kukagwira ntchito, kumanga nyumba imodzi, kenako n'kusowa.

Tekiniko atabwerera ndi mafisha atatuwo, malo anaperekedwa kwa agogo olera zidzukulu. Ndikuona kuti chigamulocho chinali cholondola malinga ndi zimene zikanatheka tsiku limenelo: abambo aja anali ndi podalira, amayi amasiye analibe chikalata chovomerezeka, ndipo agogowa anali ndi zonse zofunika komanso pakamwa pambiri podyetsa. Koma owerenga aone kuti munthu wosauka kwambiri pa atatuwo si amene analandira. Ndondomeko inayenda bwino, palibe anaphwanya lamulo, ndipo zotsatira zake zinali zimenezo.

Vuto la zikalata linawapezanso agogowa mwa njira ina. Pa zidzukulu zinayi, awiri okha ndi amene anali ndi sedula, chifukwa analembetsedwa pa nthawi yoyamba sukulu. Awiri aang'onowo sanalembetsedwe, ndipo sanawerengedwe pafisha. Khomo la anthu asanu linalowa m'kaundula ngati la anthu atatu, ndipo mlingo wake unakhala mametikali 740 m'malo mwa 1,000. Kusiyana kwake ndi mametikali 260 pamwezi, kapena 3,120 pachaka, ndalama zimene kwa agogo otere ndi thumba la mbewu, sopo, ndi makope a ana. Cholakwika chotere n'chosavuta kuchizindikira ngati wina afuna: munthu angofananitsa chiwerengero cha anthu cholembedwa pakhadi ndi mitu imene ikugona m'nyumbamo. Koma olandira ambiri sadziwa kuti mlingo umatsatira chiwerengero cha anthu, ndipo amene akudziwa amaopa kufunsa, poganiza kuti akayamba kudandaula adzachotsedwa. Agogowa atamva za kusiyanaku anati, "Mwanangu, zisiyeni, zimenezi n'zambiri kale." Tinawalembetsa anawo m'miyezi yotsatira ndi kupempha kuti fisha ikonzedwe.

Ndalamazi zimawerengedwa pamwezi koma sizibwera mwezi uliwonse. Kawirikawiri zimalipidwa za miyezi ingapo pamodzi, pamalo amodzi pamene olandira a midzi yoyandikana amasonkhana, ndipo n'zodziwika m'dziko lonse kuti m'zaka zaposachedwapa malipiro akhala akuchedwa kwa miyezi yambiri. Agogowa atalandira koyamba za miyezi itatu, mametikali 2,220, mbali yaikulu inapita kubweza ngongole ya chimanga, ndipo yotsala anagulira yunifomu ya mdzukulu mmodzi. Ndikutchula za kuchedwaku chifukwa kumakhudzanso kasankhidwe. Tsiku lolipira ndi pamene mayina amaitanidwa pagulu, ndipo ndi pamene zimadziwika kuti wakutiwakuti anamwalira kapena anasamuka. Malipiro akatalikirana, kaundula amakhala ndi mayina a anthu amene kulibe, ndipo odikira amadikira malo amene anatseguka kale koma palibe akudziwa.

Zimenezi zinachitikadi m'mudzi muno. Pa malipiro otsatira zinaululika kuti wolandira wina, amene mdzukulu wake ankamulandirira chifukwa sankatha kuyenda, anali atamwalira kale kumudzi kwa mwana wake, ndipo banja silinanene. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa: panali ndalama za miyezi yakumbuyo zimene malemuyo anali asanalandire, banja linagwiritsa ngongole pamaliro, ndipo linkaopa kuti likanena, zonsezo zipita. Peremanente ankadziwa, koma anakhala chete pa chifukwa chofanana ndi chimene chinamuchititsa kuika msuweni wa anyakwawa pamwamba. Munthu amene timamupatsa udindo wosankha ndi wochotsa ndi munthu amene mawa adzafuna anthu omwewo kuti amukumbire manda a mbale wake, ndipo kangachepe kamene amalandira sikangagule kulimba mtima kotero. Sindiona kuti yankho ndi kumusintha ndi kuika wina, chifukwa winayo adzakhalanso wa m'mudzi momwemo. Chimene chimamuthandiza ndi kumuchotsera katunduyo paphewa, kuti chigamulo chioneke kuti si chake yekha.

Pa chifukwa chimenechi tinagwirizana ndi anyakwawa, amene kunena zoona anavomera mosavuta kuposa mmene ndinkayembekezera, kuti lisita ya odikira iziwerengedwa pabwalo, anthu onse akumva, ndipo pa dzina lililonse pazilembedwa tsiku limene linalowa, anthu amene amadya pakhomopo, ndi chikalata chimene munthuyo ali nacho kapena alibe. Mzere wotsirizawu ndi umene uli wofunika kwambiri pa ntchito yanga, chifukwa umationetsa amene tiyenera kupita nawo ku Ulongwe malo asanatseguke, osati atatseguka kale. Kuwerenga pagulu kuli ndi kuipa kwake. Pa msonkhano woyamba amayi ena anachita manyazi kumva umphawi wawo ukufotokozedwa pamaso pa akamwini awo, ndipo anachoka msonkhano usanathe. Kuyambira pamenepo timawerenga mayina ndi masiku okha, ndipo za m'nkhokwe zimakambidwa pakhomo.

Abale athu a ku Malawi amadziwa vuto lofanana ndi ili pa Mtukula Pakhomo, imene inakonzedwa kuti izifikira makomo khumi pa makomo 100 aliwonse, osaukitsitsa ndi opanda anthu ogwira ntchito, ndipo kumenekonso khomo lotsatira pamzere silisiyana kwenikweni ndi limene lalowa. Mayiko ena anasankha kusayeza umphawi konse. Lesotho kuyambira mu 2004 ndi Zanzibar kuyambira mu 2016 anayamba kupereka penshoni poyang'ana zaka, kuyambira 70. Njira imeneyi ikanathetsa mkangano wa ng'ombe ndi wa malata m'mudzi muno, ndipo peremanente akanagona tulo. Koma imafuna ndalama zambiri, imasiya kunja a zaka za m'ma 60 monga agogo olera zidzukulu aja, ndipo amayi amasiye akanakanidwabe, chifukwa pamene zaka ndizo zokha zoyang'ana, chaka cholakwika pachikalata chimatseka khomo kotheratu. Mulimonse mmene boma lingasankhire, kulembetsa okalamba a m'maboma a m'malire monga Angoniya, Tsangano ndi Makanga ndi ntchito imene iyenera kutsogola.

Malo achiwiri aja atatsimikizidwa kuti ndi otseguka, chikalata cha amayi amasiye chinali chitatuluka, chokhala ndi chaka cha 1953. Fisha yawo inadzazidwanso ndi kutumizidwa, dzina lawo linavomerezedwa, ndipo analowa pa mlingo wa munthu mmodzi, mametikali 540. Miyezi imene anadikira chifukwa cha khadi lovotera siibwezedwa, popeza malipiro amayamba kuwerengedwa munthu akalowa m'kaundula. Fisha ya agogo olera zidzukulu inakonzedwa ndipo tsopano ikusonyeza anthu asanu. Abambo a ngolo akadali pa lisita, pansi pa mayina ena amene anayenderedwa pambuyo pake, ndipo anapempha kuti adzayenderedwenso chifukwa mphwawo wanena kuti adzatenga ng'ombe yake ndipo mdzukulu woyendetsa ngolo akufuna kukwatira kumudzi wina. Pempho limeneli ndi loyenera, ndipo ndalilemba kuti liperekedwe kwa tekiniko pa ulendo wake wotsatira, pamodzi ndi mayina a okalamba ena pa lisitayo amene zaka za pamakhadi awo sizikugwirizana ndi zaka za ana awo.